Mbale ndi lemba: momwe kompyuta imadziwira mawu apachibale

Tengani mawu akuti "lemba", muphwasule zilembo zake zisanu n'kuziyalanso mwina. Mupeza "mbale". Mukachita chimodzimodzi ndi "limba" mupeza "mbali", "lota" asanduka "tola", ndipo "kale" abala awiri, "leka" ndi "lake". Mawu otere, amene zilembo zake n'zofanana koma zangosinthana malo, amatchedwa maanagramu. Osewera Scrabble amawadziwa bwino chifukwa masewera awo onse agona pa kuona mawu obisika m'zilembo zosokonekera.

Tsono tiyerekeze kuti mwapatsidwa mndandanda wa mawu 10,000 kuti muwaike m'magulu, gulu lililonse likhale la mawu apachibale okhaokha. Nzeru yobwera msanga ndi yotenga liwu loyamba n'kulifanizira ndi ena onse, kenako lachiwiri, mpaka kumapeto. Njirayi imagwira, koma ndi yolemetsa, pakuti mawu 10,000 akhoza kufanizidwa awiriawiri ka 49,995,000. Mndandanda ukakula kawiri, ntchitoyo imakula pafupifupi kanayi.

Njira yabwino ndi yosafanizira mawu n'komwe. Liwu lililonse limapatsidwa chizindikiro chochokera m'zilembo zake, chimene akatswiri amachitcha kiyi, ndipo chimapangidwa mwakuti mawu apachibale okha ndiwo amatulutsa kiyi yofanana. Jon Bentley anaifotokoza nzeruyi m'buku lake la Programming Pearls la 1986, ndipo mpaka lero funsoli limafunsidwa kawirikawiri kwa ofuna ntchito yolemba mapulogalamu.

Kiyi yosavuta kupanga ndi yosanja zilembo motsatira alifabeti. "Lemba" akasanjidwa amakhala `abelm`, ndipo "mbale" amakhalanso `abelm`. "Limba" ndi "mbali" amapereka `abilm`. Onani kuti makiyi awiriwa asiyana chilembo chimodzi chokha, koma n'chokwanira kuwalekanitsa. Kiyi siyenera kukhala ndi tanthauzo. Ili ngati nambala yolembedwa pa thumba, yongokuuzani koponya chimene mwanyamula.

M'chilankhulo cha Python ntchito yonse imakwana m'mizere yochepa iyi:

```python
magulu = {}
for liwu in mawu:
    kiyi = "".join(sorted(liwu))
    magulu.setdefault(kiyi, []).append(liwu)
```

Tiitsatire ndi mawu asanu ndi limodzi: kale, lemba, leka, moto, mbale, lake. Pulogalamu ikatenga "kale" imapeza kiyi `aekl`, ndipo poona kuti thumba la dzina limeneli kulibe, imatsegula latsopano. "Lemba" amatsegulitsa lachiwiri. "Leka" akafika, kiyi yake ndi `aekl`, thumba lilipo kale, amangolowa. "Moto" amapereka `moot` n'kukhala yekha mpaka mapeto, pamene "mbale" amakapeza "lemba" ndipo "lake" amakhala wachitatu m'thumba loyamba. Liwu lililonse lagwiridwa kamodzi kokha. Chimene chimachititsa zimenezi ndi `dict` ya Python, imene imapeza thumba kuchokera pa kiyi popanda kuyang'ana matumba onse limodzilimodzi.

Ophunzira ambiri amapunthwa pa `"".join`. Akaisiya, `sorted` imabweza mndandanda wa zilembo, ndipo Python imakana kuti mndandanda ukhale kiyi chifukwa ndi chinthu chotheka kusinthidwa. Pa sikirini pamabwera `TypeError: unhashable type: 'list'`. Vuto ili ndi labwinoko chifukwa limadziulula lokha.

Njira yachiwiri siisanja kanthu, imangowerenga. Ganizirani bawo la maenje 26, dzenje loyamba la a, lachiwiri la b, mpaka z. Pa chilembo chilichonse cha liwu mumaponya njere imodzi m'dzenje lake. Kwa "lapa" dzenje la a lilandira njere ziwiri, la l imodzi, la p imodzi, ena onse akhala opanda kanthu. "Pala" asiyanso bawo likuoneka chimodzimodzi, ndipo maonekedwe amenewo ndiwo kiyi.

```python
maenje = [0] * 26
for c in liwu:
    maenje[ord(c) - ord("a")] += 1
kiyi = tuple(maenje)
```

Pa pepala njirayi imaposa yoyamba. Liwu likakhala ndi zilembo k, kuwerenga kumafuna masitepe k, pamene kusanja kumafuna pafupifupi `k log k`. Koma mawu a tsiku ndi tsiku ndi aafupi, ndipo kusanja zilembo zisanu kapena khumi sikutopetsa kompyuta, pamene kiyi yowerenga imanyamula manambala 26 ngakhale liwu litakhala "ana". Phindu lake limaoneka pa zolemba zazitali kwambiri za zilembo zamitundu yochepa, monga mizere ya DNA imene imalembedwa ndi A, C, G ndi T basi.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa bawo la maenje 26 n'chakuti linapangidwira zilembo zing'onozing'ono za Chingelezi, ndipo Chichewa chathu sichikwanamo. Kompyuta imadziwa chilembo a ndi nambala 97, ndipo dzenje limapezeka pochotsera 97 pa nambala ya chilembo. Chilembo ŵ cha m'mawu akuti "Malaŵi" nambala yake ndi 373, choncho pulogalamu imafunafuna dzenje la 276 limene kulibe, n'kuima ndi `IndexError`. Kachizindikiro ka m'mawu akuti "ng'ombe" ndi "m'mudzi" kamaiimitsanso.

Choopsa kwenikweni ndi chilembo chachikulu. M wa "Mbale" ndi 77, ndipo 77 kuchotsa 97 ndi -20. Python siikana nambala imeneyi. Imawerenga maenje chobwerera kuchokera kumapeto n'kuponya njere m'dzenje la g. Palibe uthenga uliwonse wochenjeza, koma "Mbale" sadzakumana ndi "lemba". Mumazindikira pokhapokha mutaona kuti mawu oyamba ndi chilembo chachikulu akungokhala okhaokha m'matumba awo. Njira yosanja nayo imalekanitsa M ndi m, choncho njira zonse ziwiri zimafuna kuti muyambe mwachepetsa zilembo ndi `liwu.lower()`. Za ŵ pali chinanso: makina ena amamusunga ngati chilembo chimodzi, ena ngati w ndi kadenga kake padera. Pamaso n'zofanana, kwa kompyuta n'zosiyana, ndipo `unicodedata.normalize("NFC", liwu)` ndiyo imazigwirizanitsa. Funso lakuti ŵ awerengedwe ngati w kapena ayi muyenera kuliyankha nokha musanayambe, chifukwa alembi ambiri masiku ano salembanso kadengako.

Pali njira zachidule ziwiri zimene zimakopa anthu koma n'zolakwika. Wina amati a akhale 1, b akhale 2, n'kuphatikiza zonse kuti kiyi ikhale nambala imodzi. Yesani "kana": 11, 1, 14, 1, zonse pamodzi 27. Yesani "fika": 6, 9, 11, 1, zikwananso 27. Mawu osadziwana agwera thumba limodzi. Wina amagwiritsa ntchito `set`, imene imangosunga mitundu ya zilembo osawerenga kuti chilichonse chabwera kangati, ndipo "kale" ndi "kalekale" amakhala gulu limodzi. Mawu anayi amenewa ndi oyenera kuwaika m'mndandanda woyesera pulogalamu yanu, pamodzi ndi "Mbale" ndi "ng'ombe".

Pa mawu a Chichewa ine ndimasankha kiyi yosanja. Imalandira ŵ ndi kachizindikiro ka "ng'ombe" popanda kusintha mzere uliwonse, ndipo pakalakwika mumatha kusindikiza makiyi n'kuwawerenga ndi maso. Wofunabe kuwerenga zilembo asiye maenje 26, agwiritse ntchito `Counter` ya mu `collections`, imene imakumba dzenje la chilembo chilichonse chimene yakumana nacho, ndipo kiyi ikhale `frozenset(Counter(liwu).items())`.