Uthenga wa pafoni wokumbutsa za katemera wa chikuku

Katemera amene ndimada naye nkhawa kwambiri ndi wa chikuku, wa pa miyezi 9. Wa pa masabata 6, 10 ndi 14 amabwera motsatizana, mayi akadali ndi chizolowezi chopita kusikelo. Kenaka pamadutsa miyezi yoposa isanu, ndipo tsiku limaiwalika. Apa mpamene uthenga wa mawu umathandiza, makamaka kwa makolo amene kuwerenga kumawavuta.

Ine ndimalangiza alangizi a zaumoyo kuti azinena chonchi:

"Zikomo mayi, ndine mlangizi wanu wa zaumoyo. Mwana wanu wakwanitsa miyezi 9, nthawi ya katemera wa chikuku. Mubwere naye kusikelo Lachiwiri likubwerali m'mawa. Ndibwerezenso, Lachiwiri m'mawa. Musaiwale kabuku kake. Katemerayu ndi waulere. Mukalephera, mubwerebe pa sikelo yotsatira."

Chiganizo chomalizacho musachichotse. Mayi amene waphonya tsiku amaopa kukakalipiridwa, ena amaganiza kuti mwayi wapita basi, choncho amangokhala. Chonsecho mwana wochedwa amabayidwabe, ndipo katemera wam'mbuyo sayambidwanso.

Kumbukiraninso kuti foni nthawi zambiri imakhala ya bambo kapena ya aneba. Nchifukwa chake ngati mukuitana mwana amene akulandira chithandizo cha matenda ena, musatchule matendawo. Ingonenani kuti tsiku lake lobweranso kuchipatala lakwana. Tumizani uthengawo kutatsala masiku awiri, kuti mayi apeze ya kabaza ndi womusiyira ana enawo.