Khoma limene elekitironi imadutsa popanda kulikwera

Mukagubuduza mpira kuti ukwere chulu koma osaukankha mokwanira, umafika pakati n'kubwerera. Ngakhale muyese tsiku lonse, sudzapezeka kuseri. Elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri kopezeka mu atomu, siimvera lamulo limeneli nthawi zonse. Ikafika pamalo ofuna mphamvu zoposa zimene ili nazo, kawirikawiri imabwereradi, koma nthawi zina imangotulukira tsidya lina. Malo otere asayansi amawatcha khoma, ngakhale si la njerwa. Likhoza kukhala kampata kopanda kanthu pakati pa zitsulo ziwiri.

Chifukwa chake n'chakuti m'sayansi ya kwantamu elekitironi imayenda ngati funde, ndipo kukula kwa fundelo pamalo ena alionse kumasonyeza mwayi woipeza pamenepo. Fundeli silithera pamaso pa khoma. Limalowa mkati, n'kumazilala mofulumira. Khoma likatha funde lisanazilaliretu, kotsalako kamapitirira kuseri. Elekitironi siiduka pakati ayi: imadutsa yathunthu kapena kubwerera yathunthu, ndipo yodutsayo imatuluka ndi mphamvu zomwe inabwera nazo. Ena amafotokoza kuti imabwereka mphamvu kwa kanthawi, koma ine sindikonda mafotokozedwe amenewo chifukwa masamu ake safuna ngongole iliyonse.

Masamuwo ndi awa, pa khoma limene si lopyapyala kwambiri:

T ≈ e^(−2κL), pamene κ = √(2m(V − E)) / ħ

T ndi mwayi wodutsa, L ndi kuchindikala kwa khoma, m ndi kulemera kwa kanthuko, V − E ndi mphamvu zimene zikupereŵera, ndipo ħ ndi nambala yosasintha ya Planck yogawidwa ndi 2π. Pali kanambala kena kochulukitsira kamene tasiya, choncho zotsatirazi n'zoyerekeza, koma chithunzi chake n'cholondola.

Titenge elekitironi imene ikupereŵera mphamvu zokwana 1 eV, ndi khoma lochindikala nanomita imodzi. Nanomita ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa ka 1,000,000. Apa 2κL imakwana pafupifupi 10.2, ndipo mwa maelekitironi 28,000 ogunda khomalo, pafupifupi imodzi imadutsa. Tsopano lipyapyalitseni khomalo lifike theka la nanomita: imadutsa imodzi mwa 170. Lichindikalitseni lifike mananomita awiri: imodzi mwa pafupifupi 800,000,000.

Taonani bwino pamenepa, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Khoma tangoliwirikiza kawiri, koma mwayi sunatsike ndi theka. Nanomita yoyamba inalola imodzi mwa 28,000, ndipo yachiwiri yasefanso zopulumukazo ndi muyeso womwewo. Zili ngati kusefa ufa wosefedwa kale m'sefa ina yothina chimodzimodzi.

Kulemera nako kumaluma. Pulotoni imalemera kuposa elekitironi ka 1,836. Popeza m ili pansi pa chizindikiro cha √, κ imakula pafupifupi ka 43, ndipo 10.2 uja amasanduka 439. Pa khoma lomwe lija la nanomita imodzi, mwayi wa pulotoni ndi umodzi mwa nambala yoyamba ndi 1 yotsatidwa ndi maziro pafupifupi 190. Kuti ipeze mwayi wofanana ndi wa elekitironi, khoma liyenera kupyapyala ka 43. Mukaganiza za mpira wathu uja, wolemera kuposa pulotoni mosawerengeka, mumvetsa chifukwa chake sudzadutsa chulu.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anthu anasandutsa khalidwe limeneli kukhala chipangizo choyezera. Mu 1981, Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer, akugwira ntchito ku IBM kufupi ndi mzinda wa Zurich ku Switzerland, anapanga makina oonera maatomu otchedwa STM, ndipo analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1986. Nsonga yachitsulo yosongoka kwambiri imayandikizidwa pa chinthu choyezedwacho, n'kusiya kampata kosakwana nanomita imodzi. Kampatako ndiko khoma. Pa zitsulo zambiri mphamvu zopereŵera zimakhala 4 kapena 5 eV, choncho nsongayo ikangoyandikira ndi nanomita 0.1, magetsi odutsa amakwera pafupifupi kakhumi. Nsonga ikamayenda pamwamba pa chitsulocho, makina amaikweza ndi kuitsitsa kuti magetsi asasinthe, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneko ndiko kumajambula atomu iliyonse ngati kachitunda.

Kumva msanga komweko ndi kumene kumavutitsa oyeza. Munthu akayenda m'chipindamo pansi pamanjenjemera pang'ono, kampata kamasintha, magetsi n'kudumpha, ndipo chithunzi chimatuluka ndi mizere yokhotakhota. N'chifukwa chake makinawa amapachikidwa pa masipuling'i. Nsonga ikabuntha n'kukhala ndi timitu tiwiri, maelekitironi amadutsira konse kuwiri, ndipo woyeza amazindikira vutolo akaona atomu iliyonse ikuoneka kawiri, ngati ili ndi mthunzi pambali pake.