Phunziro Limodzi, Tsamba Limodzi: Manotsi a Kholo Lobwerera Kusukulu

Kuno ku Chiuta, kuyambira ku Ngokwe mpaka ku Nayuchi, tikuona abambo ndi amayi amene anasiya sukulu kalekale akubwereranso m'makalasi a madzulo kuti akalembe mayeso a MSCE. Ambiri salephera chifukwa chosowa nzeru. Amakopera zonse za pa bolodi, kope n'kudzaza, koma nthawi yoliwerenga osaipeza, pakuti kunyumba kukudikira ukonde, munda wa mpunga ndi ana. Langizo lathu ndi lakuti phunziro lililonse lifupikitsidwe pa tsamba limodzi tsiku lisanathe.

Chifukwa chake n'chodziwika. M'chaka cha 1885, katswiri wa ku Jeremani, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zambiri zimene munthu wangophunzira kumene amaziiwala m'maola oyambirira, ndipo kubwereza kumachepetsa kuiwalako. Ife a kumadrasa timazidziwa bwino: mwana amene waloweza sura koma osaibwereza mawa lake, pofika Lachisanu imakhala itamuthawa.

Pamafunika makope awiri. Loyamba ndi la m'kalasi, lolembamo mothamanga. Lachiwiri ndi laling'ono, lokwana m'thumba, ndipo ili ndiye la manotsi enieni. Tsamba lake lipindeni molitalika kuti kumanzere kukhale kochepa. Kumanzereko lembani mafunso, kumanja mayankho.

Titenge chitsanzo cha mayi wogulitsa nsomba amene lero waphunzira za likodzo m'phunziro la Bayoloje. M'kalasi walemba masamba anayi. Akapemphera Isha, ana atagona, awerenge masambawo kamodzi kenako atseke kope. Pa tsamba lija alembe mafunso anayi okha. Chimayambitsa likodzo n'chiyani? Tinyongolotsi tokhala m'mitsempha ya magazi. Timafalikira bwanji? Apa asalembe ndime, ajambule mivi yozungulira: mazira atuluka ndi mkodzo kapena chimbudzi cha wodwala, aswa m'madzi, tizilombo tilowa m'nkhono, tituluka m'nkhonomo, tiboola khungu la munthu amene ali m'madzi. Chizindikiro chake n'chiyani? Magazi mumkodzo, pa likodzo la m'chikhodzodzo. Tingalipewe bwanji? Kugwiritsa ntchito chimbudzi, kupewa madzi a nkhono, ndi kumwa mankhwala a kuchipatala.

Akamaliza atsegule kope la m'kalasi n'kuona chimene wadumpha. Ngati waiwala nkhono, ailembe ndi cholembera chofiira, chifukwa pamenepo ndi pamene mayeso angamugwetse. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi 20. Popeza mayeso a Bayoloje amafunsidwa m'Chingerezi, mawu ofunika awalembe m'Chingerezi monga alili m'buku, ndipo Chiyao kapena Chichewa chikhale chongomasulira pambali.

Tsono kubwereza kumangirireni pa nthawi za Swala, zomwe ndi wotchi imene tili nayo kale. Mukapemphera Fajr, pindani tsamba kuti mayankho abisike, muyankhe mokweza kwa mphindi 10. Bwerezani tsamba lomwelo pakapita masiku atatu, kenako pakapita mlungu. Lachisanu, mukachoka ku Jumu'a, mupatseni kopelo mwana wanu kapena akunyumba kwanu akufunseni mafunso a mlungu wonse. Funso limene mwalephera liikeni chizindikiro kuti mawa muyambire pomwepo. Amene amagona panyanja asinthe nthawi: alembe tsambalo akangotuluka m'kalasi, ndipo alibwereze m'mawa akabwerako. Kopelo lizikhala m'jumbo kuopa madzi.

Mungadziwe bwanji kuti manotsi alakwika? Ngati phunziro limodzi latenga masamba atatu, ndiye kuti mwakopera, simunafupikitse. Ngati mukaona yankho mumati "ndimalidziwa" koma mukalibisa pakamwa pauma, ndiye kuti mwangolizolowera ndi maso. Ndipo ngati pakapita mlungu simukumva zidule zanu zomwe, mwafupikitsa mopyola; onjezani chitsanzo chimodzi pansi pa tsambalo.

Njirayi ili ndi malire ake. Masamu salowezedwa ngati likodzo. Pa tsamba la Masamu lembani lamulo lake ndi samu imodzi yoyankhidwa sitepe ndi sitepe, koma mphindi 20 zija zithere posova masamu ena. Chimangirizo cha Chingerezi nachonso chimafuna kulemba ndithu, ndipo musachinyalanyaze, pakuti bungwe la MANEB silipereka satifiketi ya MSCE kwa amene walephera Chingerezi. Tsiku limene mwajomba chifukwa cha maliro kapena matenda, bwerekani kope la m'kalasi la mnzanu, koma tsamba lofupikitsa mulembe nokha.

Amene ali ndi maphunziro awiri pa tsiku, masiku asanu pa mlungu, amapeza masamba 10 pa mlungu. Pakatha milungu 12 ali ndi masamba 120, kakope kamodzi kowerengeka podikira ogula pamsika. Allah atifewetsere.