Kope la zolakwa: kugwira cholakwa chimene chimabwerera pa mayeso a masamu

Aliyense amene anaphunzira sukulu m'Malawi muno akudziwa mwambo wa makolekishoni. Mphunzitsi amabweza makope, kenaka amalemba mayankho olondola pa bolodi, ophunzira n'kukopera pansi pa samu zomwe analakwa. Tsamba limatembenuzidwa, ndipo palibe amabwereranso pamenepo. Pakatha masabata atatu cholakwa chomwe chija chimatulukira pa mutu wina wa phunziro, wophunzira n'kudabwa ngati wachiona koyamba.

Kope la zolakwa limachita ntchito imene makolekishoni sachita. Ndi kope lapadera momwe wophunzira amalembamo chimene analakwa ndi chifukwa chake, ndipo amalitsegula tsiku limodzi pa sabata kuti aone ngati vutolo latha kapena likadalipo. Kwa amene akukonzekera mayeso a MSCE, omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, nkhaniyi ndi yaikulu ndithu. Pa mayesowa giredi 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, pamene kirediti imayambira pa 6 kukafika pa 3, ndipo sukulu za ukachenjede zimafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Wina amatsalira pa 7 m'masamu chifukwa cha mamalikisi omwe amatayikira pa zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe amazilakwa mobwerezabwereza, ngakhale kuti phunzirolo amalidziwa.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Namiwawa mu mzinda wa Blantyre amene akubwereza Fomu 4 pa sukulu ya masana, ndipo m'masabata awiri walakwa samu zitatu za mitu yosiyana. Yoyamba inali iyi: 5 − 2(x − 3) = 1. Pochotsa mabulaketi analemba 5 − 2x − 6 = 1, ndipo anapeza x = −1. Yankho lolondola ndi x = 5, popeza −2 kuchulukitsa ndi −3 ndi +6. Yachiwiri inafuna kupendekeka kwa mzere wodutsa pa (2, −1) ndi (5, 8). Iye anachotsa 1 pa 8 n'kupeza 7/3, pamene anayenera kuwerengera 8 − (−1), yomwe ndi 9, n'kugawa ndi 3 kuti apeze 3. Yachitatu inali x² − 3x − 10 = 0. Pogwiritsa ntchito fomula, anatayipa `-3²` pa kakyuleta, makinawo n'kumupatsa −9. Choncho b² − 4ac inatuluka 31 m'malo mwa 49, ndipo mayankho osavuta aja, 5 ndi −2, anasanduka manambala a madesimo ambirimbiri.

M'kope la masamu la tsiku ndi tsiku, samu zitatuzi zili pa masamba otalikirana, iliyonse pansi pa mutu wake. Mtsikanayo akafunsidwa anganene kuti mitu itatu yonseyo imamuvuta, ndipo angathe masiku akuiwerenganso kuyambira pachiyambi. Koma akazilemba moyandikana pa tsamba limodzi, zimaoneka kuti vuto ndi limodzi: nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera ikalowa m'malo mwa chilembo kapena ikakumana ndi chochotsera china, chizindikirocho chimamupulumuka. Njira zonse zitatu anazitsata bwino. Mankhwala ake ndi lamulo limodzi lalifupi, loti nambala iliyonse yochepera ziro aziikulunga m'mabulaketi asanaichite kalikonse, pa pepala ngakhalenso pa kakyuleta. Akatayipa `(-3)²` makina omwewo amupatsa 9.

Kuti kopelo lionetse zimenezi, cholakwa chilichonse chilembedwe mokwanira. Pamwamba palembedwe tsiku ndi funso lonse monga linalili. Pansi pake wophunzira akopere mzere weniweni umene zinthu zinasokonekera, osaukonza, chifukwa ukakonzedwa umboni watayika. Kenaka abwere mzere wolondola, ndipo pomaliza chifukwa, m'mawu a mwini wake, m'Chichewa ngati ndi momwe akuganizira. Funso ndi bwino kulilemba pa tsamba la kumanzere, zina zonsezo kumanja, kuti tsiku lobwereza athe kuphimba yankho ndi pepala.

Mzere wa chifukwa ndiwo umavuta, ndipo ambiri amaupha ndi mawu akuti “ndinafulumira” kapena “sindinasamale”. Mawu amenewa sauza munthu chochita mawa. Palibe amene analowapo m'chipinda cha mayeso atakonzeka kusasamala. Chifukwa chothandiza ndi chimene chimatchula malo ndi nthawi imene dzanja limaphonya: “ndikachulukitsa bulaketi ndi nambala yochotsera, ndimasintha chizindikiro cha gawo loyamba lokha.” Mawu otere angathe kuyesedwa sabata yamawa.

Pofufuza chifukwacho, ingathandize njira imene Anne Newman, katswiri wa maphunziro wa ku Australia, anaifotokoza mu 1977. Iye anaona kuti woyankha samu ya mawu amadutsa makwerero asanu: kuwerenga funso, kumvetsa chimene likufuna, kulisandutsa masamu, kuwerengera, ndi kulemba yankho m'njira yoyenera. Munthu angagwe pa khwerero lililonse, ndipo kugwa kulikonse kuli ndi mankhwala akeake. Zolakwa zitatu za mtsikana wathu zonse ndi za khwerero lachinayi.

Taonani tsono samu ina imene iye analakwa. Mtengo wa katundu utakwera ndi 10 peresenti wafika pa K22,000. Kodi poyamba unali ndalama zingati? Iye anachotsa 10 peresenti pa K22,000 n'kupeza K19,800. Kuwerengera kwake kunalibe vuto. Anagwa pa khwerero lachitatu, chifukwa 10 peresentiyo inali ya mtengo wakale, osati watsopano. Anayenera kunena kuti K22,000 ikuimira 110 peresenti, n'kugawa ndi 1.1 kuti apeze K20,000. Lamulo la mabulaketi lija silingamuthandize pano. Chofunika ndi kudzifunsa, asanagwire kakyuleta, kuti 100 peresenti ndi ndalama iti. Akanayesa yankho lake akanadzigwira yekha, popeza K19,800 itakwera ndi 10 peresenti ikufika pa K21,780.

Kulemba kokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene makope ambiri amafera. Mu 2001, Brady Butterfield ndi Janet Metcalfe a ku yunivesite ya Columbia ku America anapeza chinthu chodabwitsa: cholakwa chimene munthu anachiyankha motsimikiza kwambiri ndicho chimakonzeka msanga akauzidwa yankho lolondola, mwina chifukwa kudabwa kumamuchititsa kutchera khutu. Koma mu 2011, Andrew Butler, Lisa Fazio ndi Elizabeth Marsh anayesanso anthu patatha sabata imodzi. Zambiri zomwe zinakonzedwa zinali zitayamba kuiwalika, ndipo pamene yankho latsopano linaiwalika, zolakwa zomwe munthu ankazikhulupirira kwambiri zija ndizo zinkabwerera koposa zina. Njira yakale imakhala isanafufutike m'mutu ngakhale mphunzitsi atailemba mtanda wofiira. Ichi n'chifukwa chake ndi bwino kuika kanyenyezi pa cholakwa chilichonse chimene wophunzira anali wotsimikiza kuti wakhoza, kuti chizikhala choyamba pa tsiku lobwereza.

Tsikulo likhale lodziwika, monga Loweruka m'mawa, ndipo mphindi 40 n'zokwanira. Kubwereza sikutanthauza kuwerenga kopelo ngati nyuzipepala. Yankho ukaliona ndi maso limaoneka lodziwika, ndipo munthu amadzinamiza kuti walimvetsa. Mtsikana wathu aphimbe tsamba la kumanja, alembe samu iliyonse pa pepala loyera kuyambira pachiyambi, kenaka avundukule n'kufananiza. Akakhoza, asinthe manambala n'kuyesanso, chifukwa pofika sabata yachiwiri amakhala ataloweza kuti yankho ndi 5. M'malo mwa samu yoyamba ija ayese 7 − 3(x − 4) = 4, imene yankho lake ndi 5 ndithu, kapena 9 − 4(x − 2) = 5, imene yankho lake ndi 3. Akatero awerenge mizere ya zifukwa yonse, aone chifukwa chimene chatuluka kangapo, ndi kuchilemba pa tsamba loyamba la kope pamodzi ndi timizere tosonyeza kuti chaoneka kangati. Chimene chili ndi timizere tambiri ndicho alimbane nacho sabata imeneyo, chimodzi kapena ziwiri basi.

Cholakwa chituluke liti m'kopemo? Ine ndimaona kuti masabata atatu otsatizana akukhoza ndi manambala atsopano ndi muyeso wabwino, ngakhale palibe lamulo pamenepa. Umboni wodalirika kwambiri umapezeka kunja kwa kopelo. Pobwereza, wophunzira amadziwa kale kuti msampha uli pa chizindikiro chochotsera, motero amakhala tcheru. Pa pepala la mayeso a zaka zam'mbuyo, lolembedwa wotchi ikuyenda, palibe amamuchenjeza. Cholakwa chikapanda kuoneka pamenepo, chathadi. Chikaonekanso, chibwerere pa tsamba loyamba.

Pali njira zingapo zimene kopeli limalepherera, ndipo zimadziwika msanga. Ngati ladzaza m'mwezi umodzi, ndiye kuti mwini wake akulembamo chilichonse, ndipo Loweruka lina adzaliyang'ana n'kulisiya. Zolakwa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa sabata ndi katundu wonyamulika. Ngati mzere wa chifukwa ukumangoti “sindinadziwe poyambira”, vutolo si la kope ayi. Mutuwo sunaphunziridwe, ndipo wophunzirayo abwerere ku buku kapena kwa mphunzitsi. Kopeli limathandiza pa zinthu zomwe munthu amazidziwa koma amaziphonya.

Vuto lina ndi la amene amaphunzira okha kunyumba, omwe ndi ambiri pakati pa obwereza mayeso. Popanda wochonga, munthu angalembe m'kope “yankho lolondola” limene nalonso ndi lolakwika, n'kumaliloweza sabata ndi sabata. M'masamu muli mwayi woti mayankho ambiri amadziyesa okha. Mtsikana uja akanabwezera x = −1 mu 5 − 2(x − 3) akanapeza 13, osati 1, ndipo akanadziwa pomwepo kuti china chake chalakwika. Pamene kuyesa kotere n'kosatheka, tsamba la kumanja likhale lopanda kanthu mpaka ataonana ndi mphunzitsi kapena mnzake wodziwa. Mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza sangakhale ndi nthawi yofotokozanso mutu wonse kwa munthu mmodzi, koma wophunzira wobwera ndi mzere umodzi n'kufunsa kuti “Aphunzitsi, apa ndi pamene ndikutayikira, n'chiyani chikulakwika?” angathandizidwe m'mphindi zochepa, belu la phunziro lotsatira lisanalire.