Apu Yakale Isafe Mukakonza Seva

Apu ya pafoni imakhala ngati shelefu chabe, katundu amakhala pa seva. Ziwirizi zimalankhulana potsata dongosolo la REST.

Tiyerekeze ndi apu yogulira matikiti a basi. Chinthu chilichonse chimakhala ndi adiresi yake: `/v1/matikiti/482` ndi tikiti nambala 482. Mu adiresi muzikhala mayina okha, chifukwa ntchito imanenedwa ndi `GET` powerenga, `POST` pogula ndi `DELETE` pofufuta.

Seva imayankha ndi nambala. Tikiti ikagulidwa imabweza 201, ikakhala kulibe 404, ndipo wina akatenga kale mpandowo, 409. Zimandiwawa kuona seva ikubweza 200 pomwe zinthu zakanika, chifukwa apu imauza munthu kuti wagula, iye n'kukafika kudepoti alibe mpando.

Nanga `v1` uja ngwachiyani? Anthu ambiri satsitsa apu yatsopano msanga poopa kutha bando. Mukasintha dzina la `mtengo` kukhala `ndalama`, apu yakale imasakabe `mtengo`, ikausowa imasonyeza malo opanda kanthu kapena kungodzitsekera. Kuwonjezera zatsopano kulibe vuto, koma posintha kapena kuchotsa, tsegulani `/v2`, ndipo `/v1` isazime mpaka oigwiritsa ntchito atachepa kwambiri.