Mpunga ndi umodzi, kuitanira kutatu: kulemba uthenga wa malonda pa Instagram, LinkedIn ndi X

Wogulitsa mpunga pamsika wa Nkhotakota sayankhula mofanana kwa aliyense. Mayi wofuna makilo awiri amamuuza kuti atape pang'ono anunkhize, pomwe mkulu wogulira sukulu yogonera konko amamuuza za matumba, sikelo ndi lisiti. Luso limeneli ambiri amalisiya akagwira foni. Amalemba uthenga umodzi n'kuumata pamasamba onse a mchezo, bandulo n'kutha popanda woyimba foni n'mmodzi yemwe.

Makasitomala apafupi amapezeka kwambiri pa WhatsApp ndi Facebook. Instagram, LinkedIn ndi X zimathandiza amene akufuna kufikira anthu a ku Lilongwe ndi Blantyre, eni malo odyera ndi ogona alendo, komanso Amalawi okhala kunja amene amagulira abale awo chakudya kumudzi. Anthu amenewa amawerenga mosiyana, ndipo tsamba lililonse lili ndi malire ake.

Chitsanzo chikhale cha mayi wina wongoyerekeza, amene wapikula mpunga wa Kilombero kwa alimi a kusikimu ya Bua, wagayitsa, ndipo ali ndi matumba 40 a makilogalamu 50, omwe ndi matani awiri. Mitengo ili m'munsimu ndi yongophunzirira, si ya pamsika lero.

Mfundo zisanu zosasintha

Asanatsegule tsamba lililonse, mayiyu alembe m'kope zinthu zisanu. Katundu ndi Kilombero wa chaka chino, wopeta, wopanda miyala. Mtengo ndi K17,500 paketi ya makilogalamu 5, kapena K160,000 thumba la makilogalamu 50. Alipo matumba 40. Galimoto ifika ku Lilongwe Lachisanu pa 13 Juni, ndipo maoda atsekedwa Lachitatu pa 11 Juni. Wofuna alembe pa WhatsApp, ndipo alipire kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki.

Mfundozi ndizo msana wa mauthenga onse atatu. Chosintha ndi kutalika, kamvekedwe ka mawu, ndi mfundo imene iyambe. Mtengo ukasiyana pakati pa tsamba ili ndi lina, wogula amajambula wotsikawo n'kuutumiza akunena kuti alipira umenewo, ndipo mkangano umayamba katundu asanakwere galimoto.

Instagram: maso ayambe, mawu atsatire

Pa Instagram munthu amaima chifukwa cha chithunzi. Mpunga ujambulidwe panja m'mawa, uli m'lichero, pafupi ndithu kuti zioneke kuti mbewu zake n'zosasweka. Chithunzi chachiwiri chionetse paketi ili pasikelo, nambala ikuwerengeka. Zithunzi zotola pa intaneti zimabweza kumbuyo, chifukwa wogula akalandira mpunga wosiyana ndi wa pachithunzi sabweranso.

Tsambali limalola mawu ofika zilembo 2,200, koma wodutsa amangoona zilembo pafupifupi 125 zoyambirira, zotsalazo zimabisika kuseri kwa mawu oti "more". Choncho moni wautali umadya malo a mtengo. Mayi uja angalembe motere:

"Kilombero watsopano wa ku Nkhotakota wafika! Paketi ya 5kg K17,500. A ku Lilongwe tikupezani Lachisanu pa 13 Juni.

Uyu ndi uja amanunkhira mpaka kwa aneba. Tapeta kale, miyala mulibe, n'kungotsuka n'kutereka. Thumba la 50kg ndi K160,000. Odani pofika Lachitatu pa 11 Juni. Linki ya WhatsApp ili pamwamba pa tsamba lathu. #Nkhotakota #Kilombero #Lilongwe"

Dzina la katundu, mtengo ndi tsiku zonse zalowa m'ndime yoyamba. Mawu ake ndi a macheza, ngati a munthu woitanira pabenchi, ndipo nthabwala ya aneba ikukwana pano. Chofunika kudziwa n'chakuti linki yolembedwa m'mawu a pansi pa chithunzi siitseguka munthu akaidina. Malo ake ndi pamwamba pa tsamba, pamene pamalembedwa mbiri ya mwini wake. Ya WhatsApp imalembedwa `wa.me/265` kenako nambala ya foni yopanda ziro woyambirira. Amene amasiya ziroyo amadabwa kuti anthu akudina koma uthenga sukufika.

LinkedIn: kalata yopita kwa wogulira bungwe

Wowerenga LinkedIn ali pantchito. Angakhale manijala wa loji ya m'mbali mwa nyanja, wogulira hotela ku Salima, kapena woyang'anira chakudya pasukulu. Ndalama zimene agwiritse ntchito si zake, ndipo ayenera kukafotokozera abwana ake chifukwa chimene wasankhira wogulitsa ameneyu. Za fungo lofika kwa aneba sizimuthandiza. Iye akufuna kudziwa ngati katundu angakwane, ngati adzafike pa tsiku lake, ndiponso ngati pali mapepala.

Uthenga pano ukhoza kufika zilembo 3,000, koma mizere iwiri kapena itatu yoyambirira ndi imene imaoneka munthu asanadine. Mawu 100 mpaka 150 amakwana. Wa mayi uja ungakhale wotere:

"Kwa ogulira mahotela, maloji ndi sukulu: tili ndi matani awiri a mpunga wa Kilombero wokololedwa chaka chino ku Nkhotakota.

Mpungawu tagula kwa alimi a kusikimu ya Bua, ndipo ndi wogayitsa ndi wopeta kale. Uli m'matumba 40 a makilogalamu 50. Mtengo ndi K160,000 pa thumba, zomwe ndi K3,200 pa kilogalamu. Ndalama ya mayendedwe ndi yapadera ndipo timagwirizana malinga ndi mtunda.

Ulendo wotsatira wa ku Lilongwe, kudzera ku Salima, ndi wa Lachisanu pa 13 Juni. Maoda tilandira mpaka Lachitatu pa 11 Juni. Timapereka kotesheni ndi lisiti, ndipo malipiro angadzere kubanki. Ofuna kuyamba aona atha kupempha sampulo ya kilogalamu imodzi.

Tilembereni uthenga pompano kapena pa WhatsApp."

Paketi ya makilogalamu 5 siinatchulidwe, chifukwa wogulira hotela saifuna. M'malo mwake mwalowa mtengo wa pa kilogalamu, womwe ndi umene iye amagwiritsa ntchito poyerekeza ogulitsa. Mawu ndi aulemu, ziganizo n'zathunthu, ndipo mulibe zidule za pafoni kapena mzere wa tizithunzi toseka. Ambiri pa LinkedIn amalemberana m'Chingerezi, choncho uthenga womwewu ukhoza kulembedwa m'chinenerocho, koma wina wochidziwa bwino auwerenge kaye, chifukwa zolakwika zimachititsa wogula kukayikira ngakhale sikelo.

Pano m'pamenenso chiyeso chodzikweza chimakula. Wamalonda asalembe kuti katundu wake ndi wovomerezeka ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ngati alibe chiphaso chake, chifukwa wogulira bungwe amapempha kuchiona. Asalonjezenso matani awiri mwezi uliwonse pomwe ali ndi a ulendo umodzi. Oda imodzi yolephereka imatseka khomo limene likanatsegukanso chaka chamawa.

X: mpweya umodzi basi

Tsamba la X, lomwe linkatchedwa Twitter mpaka mu 2023, limapatsa wosalipira zilembo 280 zokha, kuwerengera ndi mipata ya pakati pa mawu. Linki iliyonse imawerengedwa ngati zilembo 23, italike kapena ifupike, ndipo kachithunzi koseka kamodzi kamadya malo a zilembo ziwiri. Mawu a Chichewa ndi aatali, choncho malowa amatha msanga. Mayi uja angalembe:

"Mpunga wa Kilombero watsopano wochokera ku Nkhotakota. 5kg K17,500, thumba la 50kg K160,000. Ufika ku Lilongwe Lachisanu pa 13 Juni. Odani pofika pa 11 Juni pa WhatsApp."

Ngakhale ataonjezera linki kumapeto, uthengawu sufika zilembo 210. Moni wachoka, za alimi zachoka, kwatsala katundu, mtengo, malo, tsiku ndi njira yoodera. Chithunzi chimodzi chabwino chiikidwe limodzi nawo.

Pali zinthu ziwiri zosamala. Choyamba, wosalipira sangakonze uthenga ukatumizidwa. Pa Instagram ndi LinkedIn mawu amakonzeka, koma pa X ziro mmodzi akasowa, thumba la K160,000 n'kuoneka la K16,000, njira ndi kufufuta n'kulembanso, ndipo pofika nthawiyo ena amakhala atajambula kale. Chachiwiri, uthenga wa pa X umagawidwa ndi anthu ena ndipo ukhoza kutulukiranso patapita milungu. N'chifukwa chake "Lachisanu" palokha sakwana, pamafunika deti. Anthu a pa X amafunsanso poyera ndipo sachita manyazi kunena kuti katundu wadula. Yankho lalifupi, laulemu, lofotokoza kuti mpungawo ndi wopeta kale, limawerengedwa ndi ena ambiri amene sanafunse.

Kudziwa pamene palakwika

Mafunso a anthu ndiwo amaulula chosowa. Ngati pansi pa chithunzi cha pa Instagram padzaza mawu oti "zingati?", ndiye kuti mtengo wabisika kuseri kwa "more" kapena sunalembedwe n'komwe. Chizolowezi choyankha kuti mtengo ukambidwa kumbali chimathawitsa anthu, chifukwa amaganiza kuti aliyense akuuzidwa wakewake. Ngati pa LinkedIn anthu akungoyamikira koma palibe wopempha kotesheni, kawirikawiri kuchuluka kwa katundu kapena za mapepala sizinamveke. Ngati pa X akufunsa kuti "muli kuti?", dzina la malo lachotsedwa pofupikitsa.

Popeza onse amathera pa WhatsApp, mayi uja azifunsa wooda aliyense kumene anaona uthengawo, n'kulemba m'kope pambali pa oda yake. Powerengera aziyang'ana makilogalamu, osati chiwerengero cha anthu. Anthu 12 a pa Instagram ogula paketi imodzi aliyense atenga makilogalamu 60, ndalama zake K210,000. Munthu mmodzi wa pa LinkedIn wogula matumba 10 watenga makilogalamu 500, ndalama zake K1,600,000. Komabe paketi ikugulitsidwa K3,500 pa kilogalamu pomwe thumba ndi K3,200, ndiye ogula pang'onopang'ono akusiya K300 yoonjezera pa kilogalamu iliyonse, asanachotsepo ndalama ya mapaketi. Patatha maulendo atatu kapena anayi, kopelo limasonyeza tsamba loyenera kuthera bandulo ndi loyenera kulisiya.

Ntchito yomaliza ndi imene ambiri amaiwala. Matumba 40 aja akatha kapena mtengo ukasintha, mauthenga onse atatu akonzedwe tsiku lomwelo: pa Instagram ndi LinkedIn aonjezere mawu oti "watha" koyambirira, pa X afufute kapena ayankhe pansi pake. Kupanda kutero, wina adzatumiza K160,000 pa Mpamba mu Ogasiti akufuna thumba la mtengo wa mu Juni.