Galu Sakhalira Nsima Yokha

Amayi, chakudya cha agalu cha m'masitolo a mu Blantyre nchokwera mtengo, komabe mlonda wanuyo asamangodya mkute. Galu wodya nsima yokha amathothoka ubweya, ndipo tiana take timapindika miyendo.

Phikani phala lolimba la mgaiwa. Pa makapu aŵiri a phalalo, thiranipo kapu imodzi ya bonya wa kumsika wa Limbe, pakuti minga yake yofeŵa imalimbitsa mafupa. Yambani mwamuviika m'madzi kuti mchenga ndi mchere zichoke, kenaka muŵiritse. Onjezani nkhwani wophika pang'ono ndi kasupuni ka mafuta ophikira.

Musampatse ndiwo za anyezi kapena adyo, chifukwa zimaononga magazi ake. Mafupa ophika a nkhuku nawonso amabaya matumbo. Mukaona nthiti zikuŵerengeka, dziŵani kuti chakudyacho chikumchepera.